Mafunso ndi mayankho: chifukwa chake a inshuwalansi amadula ndalama pa katundu wa m'nyumba amene wawonongeka

Kuno ku Chigwa cha Shire madzi analowa m'nyumba za anthu mu Januwale 2015, mu Malichi 2019, mu Januwale 2022 ndi namondwe wa Ana, ndiponso mu Malichi 2023 ndi namondwe wa Freddy. Mwa ochepa amene amaika katundu wa m'nyumba pa inshuwalansi ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula ndi pa maboma a Chikwawa ndi Nsanje, dandaulo limene limamveka kawirikawiri si loti kampani yakaniratu kulipira ayi, koma loti ndalama imene yabwera ndi yosakwanira kugulira zimene zawonongeka. Mayankho ali m'munsimu akufotokoza kumene kusiyanako kumachokera. Mitengo yonse imene tatchula ndi yongopereka chitsanzo kuti masamu aoneke bwino, ndipo mawu a m'chikalata chanu ndiwo amalamula.

Ndinalipira inshuwalansi chaka chonse osajomba. Nanga akundidulira ndalama chifukwa chiyani?

Mfundo imene inshuwalansi ya katundu yakhazikikapo ndi yoti ikubwezereni pamene munali ngozi isanachitike, osapitirira pamenepo. Ngati firiji yanu inali itagwira ntchito zaka zinayi, tsiku limene madzi analowa simunali ndi firiji yatsopano. Munali ndi firiji imene gawo lina la moyo wake munali mutadya kale. Kampani ikamawerengera, imachotsa mtengo wa gawo limene munadyalo ndi kukulipirani gawo lotsala. Kudula kumeneku ndiko kumatchedwa kuchotsera kutha kapena kuperepeseka kwa katundu.

Si chilango, ndipo sizitanthauza kuti akukukayikirani. Koma si mapangano onse amene amadula chotere, ndiye funso loyamba kudzifunsa ndi lakuti munagula pangano la mtundu uti.

Mitundu yake ndi iti, ndipo ikusiyana pati?

Ilipo iwiri. Woyamba ndi wolipira mtengo umene chinthucho chinali nawo tsiku la ngozi, monga chinthu chogwiritsidwa kale ntchito. Ambiri amautcha mtengo wa pamsika. Apa msinkhu wa chinthu ndi mmene chimaonekera zimawerengedwa, ndipo ndalama imatsika chinthu chikamakalamba.

Wachiwiri ndi wa chatsopano m'malo mwa chakale. Kampani imalipira mtengo wogulira lero chinthu chatsopano cha mtundu womwewo, kukula komweko ndi luso lomwelo, osachotsera zaka zimene chakalecho chinakhala. Firiji ya malita 200 ya chitseko chimodzi imabwezedwa ndi firiji yatsopano ya malita 200 ya chitseko chimodzi. Mukafuna ya zitseko ziwiri, ndalama yoonjezerayo itulutseni nokha.

Pangano lachiwirili ndalama yake yolipira pachaka imakhala yokwererapo, makamaka chifukwa mumayenera kulembetsa katundu yense pa mtengo wa watsopano. Mfundo imeneyi tiibwerera m'munsimu, pakuti ndi imene imagwetsa anthu ambiri.

Kuti mudziwe mtundu umene muli nawo, musadalire zimene ananena amene anakugulitsani. Tsegulani chikalata chenichenicho, mupeze ndime yofotokoza mmene kampani idzalipirire pakachitika ngozi, kenako muone tsamba limene pali dzina lanu, adiresi ndi ndalama imene munalembetsa. Nthawi zina ndime ya m'kati imanena za kuchotsera kutha kwa katundu pamene tsamba la dzina lanulo lili ndi mawu oonjezera osintha zimenezo. Ngati simukumvetsa, funsani kampani kapena wokuyimirani kuti akuyankheni polemba, mvula isanayambe.

Amawerengera bwanji ndalama yodulayo? Tasonyezani ndi manambala.

Njira yofala ndi iyi. Wowunika amene kampani yatumiza amapeza mtengo wa chinthu chatsopano chofanana nacho lero, amaganizira zaka zimene chinthu chotere chimakhala chisanathe, kenako amachotsa gawo la zaka zimene chanu chinali chitakhala kale.

```
yodula = mtengo wa chatsopano lero x zaka zimene chakhala / zaka za moyo wake
yolipira = mtengo wa chatsopano lero - yodula
```

Tiyerekeze banja lina ku Nchalo, madzi alowa m'nyumba usiku n'kufika m'chiuno, n'kukhalamo masiku awiri. Zinthu zisanu zawonongekeratu.

Firiji inali ya zaka 4. Yatsopano yofanana nayo ili pa K1,200,000, ndipo wowunika waika moyo wa firiji pa zaka 10. Zaka 4 pa 10 ndi 40 peresenti, ndiye adula K480,000, patsala K720,000.

Wailesi ya kanema inali ya zaka 3, yatsopano ili pa K600,000, moyo wake wauika pa zaka 6. Theka lapita, patsala K300,000.

Mipando ya sofa inali ya zaka 5 pa moyo wa zaka 10, yatsopano K900,000. Patsala K450,000.

Matiresi anali a zaka 2 pa moyo wa zaka 8, atsopano K300,000. Adula gawo limodzi mwa magawo anayi, K75,000, patsala K225,000.

Zovala, mabulangete ndi nsalu zoyala pabedi, kuzigulanso zonse ndi K500,000. Wowunika wadula theka, patsala K250,000.

Kugula zonsezi zatsopano kufuna K3,500,000. Pa pangano la mtengo wa pamsika, zotsala zija zikaphatikizidwa zikukwana K1,945,000. Pamenepo amachotsanso ekisesi, ndalama yoyambirira imene mwini katundu amasenza yekha pa ngozi iliyonse. Tinene kuti ndi K50,000. Banjali lilandira K1,895,000.

Pa pangano la chatsopano m'malo mwa chakale, firiji, wailesi, mipando ndi matiresi zilipidwa zonse, K3,000,000. Zovala ndi zofunda zidulidwabe, K250,000, chifukwa mapangano ambiri otere amapatula zovala ndi nsalu za m'nyumba. Zonse pamodzi K3,250,000, kuchotsa ekisesi, K3,200,000. Nyumba imodzi, madzi omwewo, koma kusiyana kwake ndi K1,305,000.

Zaka za moyo wa chinthu zimene tagwiritsa ntchito apa si lamulo la boma. Kampani iliyonse ndi wowunika aliyense amakhala ndi muyezo wake, ndipo n'chifukwa chake manambalawa ndi oti mungathe kukambirana.

Adula kuchokera pa mtengo umene uli pa risiti yanga yakale. Kodi n'zolondola?

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira, ndipo tikupempha kuti muwerenge mofatsa. Kudula kuyenera kuyambira pa mtengo wa chinthu chatsopano pa nthawi ya ngozi, osati pa ndalama imene munalipira zaka zapitazo, pokhapokha ngati chikalata chanu chanena mosabisa kuti adzatsata mtengo wogulira. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: chimene munataya ndi firiji ya zaka zinayi pa mitengo ya lero, pakuti ndi lero limene mukafunefune ina.

M'dziko limene mitengo siyenda kwambiri, njira ziwirizi sizisiyana patali. Kwathu kuno zimasiyana kutalitali. Ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuchepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mafiriji, mawailesi ndi zipangizo za sola ambiri ndi ochokera kunja. Tinene kuti firiji ya ku Nchalo ija inagulidwa pa K450,000. Wina akadula 40 peresenti pa risitiyo, atsala ndi K270,000. Akadula 40 peresenti yomweyo pa mtengo wa lero, atsala ndi K720,000. Peresenti sinasinthe, chasintha ndi poyambira, ndipo mwini firiji wataya K450,000 osadziwa.

Ntchito ya risiti ndi kutsimikiza kuti chinthucho chinali chanu, mtundu wake ndi tsiku limene munachigula. Mtengo wa lero umatsimikizidwa ndi kotesheni. Pezani makotesheni awiri kapena atatu olembedwa, a masitolo odziwika, okhala ndi deti ndi nambala ya mtundu wa chinthucho. Ngati chinthucho chimapezeka ku Blantyre kapena ku Limbe kokha, funsaninso ngati ndalama yonyamulira kutsika nacho ku Thabwa mpaka kwanu ilowa m'chiwerengero, chifukwa mapangano amasiyana pa nkhani imeneyi.

Makotesheni ali ndi nthawi yake. Mukachedwa miyezi yambiri musanapereke zikalata, mitengo imakwera koma kampani ikhoza kuumirira pa mitengo ya nthawi ya ngozi.

Kodi mtengo wa pamsika ndi wofanana ndi mtengo umene ndingagulitsire chinthucho kwa mnansi?

Osati kwenikweni. Mawu amenewa amatanthauzidwa pawiri. Ena amawerengera monga tasonyezera pamwambapa, chatsopano kuchotsa kutha. Ena amayang'ana ndalama imene chinthu chakale chofanana nacho chikugulitsidwira. Pa galimoto njira yachiwiriyi imayenda bwino chifukwa msika wa magalimoto akale ulipo ndipo mitengo yake imadziwika. Pa katundu wa m'nyumba imavuta. Matiresi ogonedwa zaka ziwiri palibe amene angakupatseni ndalama yooneka, koma kwa inu akanatumikirabe zaka zisanu ndi chimodzi.

Wowunika akatchula mtengo wa chinthu chakale, mufunseni kumene chinthu chotero chikupezeka pa mtengo umenewo. Muyezo wabwino ndi ndalama imene mungagulire chofanana nacho, osati imene munthu wopanikizika angachitayire pa msika wa Dyeratu. Ngati sangakulozereni kogula, muli ndi chifukwa chomveka chopempha kuti abwerere ku njira ya chatsopano kuchotsa kutha.

Ndili ndi pangano la chatsopano m'malo mwa chakale, koma andipatsabe ndalama yochepa. Zatheka bwanji?

Choyamba kuyang'ana ndi ndalama imene munalembetsa. Pa pangano limeneli mumayenera kulembetsa ndalama yokwanira kugula katundu yense wa m'nyumba watsopano, osati yekhayo amene mukuganiza kuti angawonongeke. Mukalembetsa yochepa, kampani imagwiritsa ntchito ndime ya avaleji, imene imati mwalipirira gawo chabe la chiopsezo, ndiye mulandiranso gawo lomwelo la zimene mwataya.

Tibwerere ku Nchalo. Banja lija linalembetsa K5,000,000 zaka zingapo zapitazo ndipo silinasinthe. Wowunika wayendera nyumba yonse, wawerengera mabedi, kabati, ziwiya, mbaula yamagetsi, makatani ndi zina zimene sizinawonongeke, wapeza kuti kugula zonse zatsopano lero ndi K8,000,000. Banjali linalembetsa magawo 5 mwa 8. K3,250,000 ija aichulukitsa ndi 5 n'kugawa ndi 8, ikhala K2,031,250. Kuchotsa ekisesi, K1,981,250.

Taonani tsopano. Pa pangano la mtengo wa pamsika banja lomweli likanalandira K1,895,000, ndipo avaleji mwina sikanawakhudza, chifukwa katundu yenseyo akachotseredwa kutha akanatha kukhala pansi pa K5,000,000. Ndiye kuti phindu lonse la pangano la chatsopanolo latsika kufika pa K86,250 basi. Pali mapangano enanso amene amati ngati munalembetsa ndalama yochepa, lonjezo la chatsopano lagwa, alipira mochotsera kutha. Ife timaona kuti pangano la chatsopano limene ndalama yake sinakwezedwe kuyambira kwacha isanagwe ndi ndalama yongotayika, ndipo n'zomvetsa chisoni chifukwa kukonza kwake ndi ntchito ya madzulo amodzi: kuyenda chipinda ndi chipinda ndi kope, kulemba chilichonse pa mtengo wa lero, n'kuuza kampani pa nthawi yoonjezera pangano.

Zifukwa zina n'zazifupi. Zovala ndi zofunda zimadulidwa monga tanenera. Mapangano ena ali ndi malire a zaka, oti chinthu chopitirira msinkhu wakutiwakuti chimabwerera ku mtengo wa pamsika. Ena amaika malire a ndalama pa chinthu chimodzi, kotero kuti laputopu kapena inveta yodula imene sinalembedwe payokha imalipidwa mpaka pa malirewo basi.

Ndikufuna ndalama m'manja, sindikufuna kugula firiji ina pakali pano. Zingatheke?

Zingatheke, koma mwina simulandira mtengo wa yatsopano. Mapangano ambiri a chatsopano m'malo mwa chakale amalipira mtengo wonse pokhapokha chinthucho chitagulidwadi. Kampani ikhoza kugula yokha ku sitolo imene imagwira nayo ntchito, kapena kukupatsani kaye ndalama yochotsera kutha n'kudzamaliza yotsalayo mukabweretsa risiti ya chatsopano. Pa firiji ija, akupatsani K720,000 lero, ndipo K480,000 ibwera mukaonetsa kuti mwagula.

Izi zimapweteka pa nthawi ya madzi osefukira, pamene banja likufuna ndalama ya lendi kwina, chakudya ndi fizi kuposa firiji. Musanasankhe, funsani manambala onse awiri polemba, wa ndalama m'manja ndi wa kugulirana, ndiponso nthawi imene mwapatsidwa kuti mukhale mutagula.

Akana kulipira n'komwe, akuti ndi kutha kwa katundu. Kodi si nkhani yomweyi yodula?

Ayi, ndi nkhani ziwiri zosiyana ngakhale mawu ake ndi amodzi. Kudula kumakhudza kuchuluka kwa ndalama, ngozi itavomerezedwa. Kukana kumakhudza chimene chinawononga chinthucho. Inshuwalansi imalipira zochitika mwadzidzidzi zimene zalembedwa m'chikalata, monga moto, kuba mothyola, mphepo yamkuntho ndi madzi osefukira ngati alimo. Silipira zimene zimadya katundu pang'onopang'ono: dzimbiri, chiswe, makoswe, chinyontho, nkhungu, kusuluka ndi dzuwa, kapena makina ongotopa. Ngakhale pangano la chatsopano m'malo mwa chakale silipira zimenezi.

Kuno kuchigwa malire a ziwirizi amafunika kuwayang'anitsitsa. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumachititsa kompulesa ya firiji kulira usana ndi usiku, ndipo ikafa yokha ndi kutha, si ngozi. Batire ya sola yosungidwa m'chipinda chotentha imatha msanga, nakonso ndi kutha. Kabati imene chiswe chinalowa kumsana n'kusiya khungu lokha, ikagwa, palibe cholipira.

Koma kabati ya matabwa opanikiza imene yafufuma m'munsi chifukwa chokhala m'madzi masiku awiri yawonongeka ndi madzi osefukira. Nkhungu imene yamera pa sofa patapita masiku ochepa chinyowereni ndi chotsatira cha madzi omwewo. Wowunika amasiyanitsa poyang'ana zizindikiro. Madzi osefukira amasiya mzere wa matope pa msinkhu umodzi pakhoma, pa miyendo ya tebulo ndi m'mbali mwa firiji. Amasiyanso matope m'madilowa ndi kuseri kwa makina. Dzimbiri latsopano limakhala lopyapyala, lofiirira mowala, lochoka mukapukuta, pamene lakale ndi lakuda, lamakwinya, loboola chitsulo. Jambulani mzere wa matopewo musanatsuke, mutaimika chinthu chodziwika kutalika kwake pambali, chifukwa mukangokolopa nyumba umboni wofunika kwambiri wapita.

Chinthu china chimene chimasokoneza anthu: musayatse firiji kapena wailesi yonyowa kuti muone ngati ikugwirabe ntchito. Ikapsa pamenepo, mkangano umabuka woti yawonongeka ndi madzi kapena ndi kuyatsako. Kupsa kwa zipangizo magetsi akabwera mwamphamvu nakonso nthawi zambiri sikukhala m'pangano wamba, kumafuna ndime yoonjezera.

Onaninso ngati madzi osefukira alimodi m'pangano lanu. Pa nyumba zimene zili pafupi ndi Shire, Ruo kapena Mwanza, kampani ikhoza kuwapatula kapena kuika ekisesi yokulirapo pa ngozi ya madzi yokha.

Chinthucho n'chokonzeka. Kodi pa ndalama yokonzetsera amadulanso?

Kampani ili ndi ufulu wosankha kukonzetsa ngati kutero n'kotchipa kuposa kubweza. Pa pangano la mtengo wa pamsika ikhoza kukupemphani kuti muthandizepo ngati kukonzako kwasiya chinthu chili bwino kuposa kale. Firiji ya zaka 4 ikaikidwa kompulesa yatsopano ya K300,000, akhoza kudula 40 peresenti pa chipangizocho, K120,000. Pa malipiro a mmisiri sipayenera kudulidwa kanthu, pakuti ntchito ya manja simakalamba. Pemphani mmisiri alembe mtengo wa zipangizo padera ndi wa ntchito padera, apo ayi peresenti idzagwera pa ndalama yonse.

Malire a kukonza ndi mtengo wa chinthucho. Ngati kukonza kufuna K800,000 pa firiji imene aiwerengera K720,000, aitenga ngati yotheratu n'kulipira K720,000.

Pa mipando yogulidwa pamodzi, ngati wawonongeka ndi umodzi mwa itatu, mapangano ambiri amalipira umodzi wokhawo, ngakhale nsalu yofanana nayo isapezekenso.

Ndingatsutse bwanji peresenti imene wowunika waika?

Yambani ndi kupempha ndondomeko yolembedwa ya chinthu chilichonse payokha: mtengo wa chatsopano umene wagwiritsa ntchito, msinkhu umene wapatsa chinthucho, zaka za moyo wake ndi ndalama imene wadula. Nambala imodzi ya zonse pamodzi simungaitsutse, chifukwa simudziwa pamene palakwika.

Mukailandira, yang'anani zinthu zinayi. Choyamba ndi poyambira paja, ngati ndi mtengo wa lero. Chachiwiri ndi msinkhu. Wowunika amene alibe umboni amangoyerekeza ndi maso, ndipo katundu wopakika matope amaoneka wokalamba kuposa mmene alili. Chachitatu ndi zaka za moyo wake. Tebulo la mlombwa lopangidwa ndi kalipentala waluso silingapimidwe ndi muyezo wa tebulo la matabwa opanikiza. Limodzi limatha kufika kwa adzukulu, linalo limafufuma likangolawa madzi. Ngati wowunika waika zonse pa zaka 10, mfotokozereni mtundu wa mtengowo. Chachinayi ndi mmene chinthucho chinaliri. Sofa imene inavekedwa nsalu yatsopano ndi siponji chaka chatha siingadulidwe ngati sofa ya zaka zisanu yosakhudzidwa, ndipo risiti ya mmisiri ndiyo umboni wake.

Palinso nkhani ya chinthu chimene chapitirira zaka za moyo wake koma chikugwirabe ntchito. Firiji ya zaka 12 pa muyezo wa zaka 10, masamu owuma amati ilibe mtengo. Koma inkaziziritsa madzi mpaka usiku wa ngoziwo, ndiye mtengo inali nawo. Owunika ambiri amasiya gawo lina lotsalira pa chinthu chimene chinali chamoyo. Ngati pa ndondomeko yanu pali ziro, funsani chifukwa chake.

Chenjerani ndi kudula kofanana pa zonse, monga 50 peresenti pa katundu yense wa m'nyumba. N'kofulumira kwa wowerengera koma kumapondereza zinthu zimene munagula posachedwa. Matiresi a miyezi isanu ndi umodzi sangadulidwe mofanana ndi wailesi ya zaka zisanu.

Marisiti anapita ndi madzi. Ndionetsa chiyani?

Risiti si umboni wokhawo. Mafiriji, mawailesi ndi mbaula zamagetsi zimakhala ndi kachikwangwani kumbuyo kapena m'kati, kolembedwa mtundu ndi nambala ya chinthucho, ndipo pa zina pamakhala chaka chimene chinapangidwa. Kajambuleni. Sitetimenti ya ku banki, uthenga wa Airtel Money kapena wa Mpamba, chikalata cha ngongole ngati munagula molipira pang'onopang'ono, khadi ya galanti, zonsezi zimasonyeza deti. Masitolo akuluakulu amatha kupereka kope ya risiti. Zithunzi za pabanja zimathandizanso: chithunzi cha tsiku la chinkhoswe chojambulidwa pabalaza chimaonetsa sofa, wailesi ndi makatani mmene zinaliri, ndipo foni imasunga deti yake.

Ngati chinthucho munagula chakale kale, nenani zoona. Msinkhu wake umawerengedwa kuyambira pamene chinapangidwa, osati pamene chinafika m'nyumba mwanu. Kunama pa chinthu chimodzi kukhoza kugwetsa pempho lonse.

Musataye zowonongekazo wowunika asanazione. Zimene zikununkha kapena zoopseza thanzi, monga matiresi onyowa ndi madzi osakanikirana ndi za m'chimbudzi, zijambuleni mbali zonse, dulani kachidutswa kokhala ndi chizindikiro cha kampani yopanga, dziwitsani a inshuwalansi, kenako muzitulutse. Kampani ikalipira chinthu chonse, chotsalacho chimakhala chake. Mukafuna kusunga firiji yakufayo kuti mukonzetse nokha, akhoza kuchotsa kandalama ka mtengo wa chotsalacho.

Firiji yathu timagulitsiramo mafilizesi ndi madzi ozizira. Kodi zili ndi kanthu?

Zili ndi kanthu, pawiri. Pangano la katundu wa m'nyumba nthawi zambiri silikhudza katundu wa bizinesi, ndiye ngati simunanene pogula inshuwalansi, kampani ikhoza kukana firijiyo pamodzi ndi zogulitsa zimene zinali m'katimo. Ikavomera, wowunika akhoza kufupikitsa zaka za moyo wake, chifukwa firiji yotsegulidwa kambirimbiri patsiku m'nyengo yotentha imatha msanga kuposa ya banja lokha. Pa zaka 4, muyezo wa zaka 8 m'malo mwa 10 ukweza kudula kuchoka pa 40 kufika pa 50 peresenti. Chimodzimodzi makina osokera a telala ndi matumba a chimanga kapena a thonje osungira malonda. Nenani zimenezi poyamba kuti zilembedwe.

Andibweretsera fomu yoti ndisayine kuti ndavomera. Ndikasayina n'kudzaona kuti yachepa, ndingabwererenso?

Fomu imeneyi kawirikawiri imanena kuti mwalandira ndalamayo monga malipiro onse ndi omaliza, ndipo mukasayina n'kovuta kutsegulanso nkhaniyo. Musasayine musanaone ndondomeko ya chinthu ndi chinthu ija. Ngati mukugwirizana pa zinthu zina koma mukutsutsa zina, pemphani polemba kuti alipire kaye gawo limene palibe mkangano, ndipo fomu inene momveka kuti ndi malipiro a gawo chabe.

Dandaulo liyambire ku kampani komweko, polemba, mutatchula nambala ya pangano, nambala ya pempho, zinthu zimene mukutsutsa, nambala imene inu mukuona kuti ndi yoyenera ndi umboni wake. Kalata yonena kuti "firiji mwaiwerengera kuchokera pa K450,000 ya pa risiti, pamene makotesheni awiri amene ndaphatikiza akusonyeza K1,200,000" imayankhidwa msanga kuposa yongonena kuti ndalama yachepa. Ngati munagula kudzera mwa buloka, amene amalumikizitsa makasitomala ndi makampani a inshuwalansi, ndi ntchito yake kukuthandizani pa mkangano wotere. Sungani kope ya chilichonse chimene mwatumiza ndi deti yake.

Kampani ikapanda kuyankha kapena yankho lake likapanda kukukhutiritsani, dandaulo limapita ku Banki Yaikulu ya Malawi, imene imayang'anira makampani a inshuwalansi ndipo ili ndi nthambi yolandira madandaulo a makasitomala. Werenganinso ndime ya m'chikalata yonena za mikangano, chifukwa mapangano ambiri amati kusagwirizana pa kuchuluka kwa ndalama kupite kwa mkhalapakati, ndipo amaika nthawi imene muyenera kukhala mutachitapo kanthu kampani ikakana pempho lanu.